Mayeso a masiku atatu: oyamba kupatsa makina ndi ati?

"Anzanga ndithandizeni nzeru. Pulogalamu yathu ndi ya pa intaneti, anthu amaodera katundu ndi kulipirira pomwepo. Timatulutsa zatsopano milungu iwiri iliyonse, koma tisanatulutse timabwereza mayeso 240 ndi manja kuti tione ngati zakale sizinawonongeke. Tilipo awiri ndipo zimatitengera masiku atatu athunthu. Abwana ativomera kuyamba otomeshoni, koma nthawi yake ndi yochepa. Ndiyambire pa yeso loyamba n'kumatsika, kapena ndiyambe ndi ataliatali?"

Musayambire pamwamba pa ndandanda, ndipo musayambirenso pa ataliatali. Ndandanda ija inalembedwa motsatira mmene pulogalamu inkakulira, osati motsatira pamene pali ngozi. Mayeso ataliatali nawo amadutsa masikirini ambiri, ndiye ndi omwe savuta kugwa popanda chifukwa chenicheni, ndipo angakufooletseni musanapite patali.

Ndikanakhala inu, sindikanalemba sikiripiti ngakhale imodzi mpaka nditadziwa kumene masiku atatuwo akupita. Anthu awiri, masiku atatu, maola 7 ogwiradi ntchito patsiku, ndi maola 42. Mukagawa ndi 240 zikubwera mphindi 10 ndi theka pa yeso lililonse. Koma chiwerengero chapakatichi chimabisa zambiri. Pa ulendo wotsatira wa mayeso, aliyense wa inu akhale ndi tebulo ndipo pa yeso lililonse alembe manambala awiri: mphindi zokonzekera, ndi mphindi zoyesa zenizeni. Kukonzekera ndikutanthauza kutsegula akaunti yatsopano, kutsimikizira imelo, kuika katundu mu sitoko, kupanga oda yoti muiyesere kubweza ndalama, ndi zina zotere.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa ine ndinaphunzira mowawa. Kumene ndinkagwira kale ndinatha mwezi wathunthu ndikulemba masikiripiti oyenda pa sikirini, koma masiku a mayeso sanachepe n'komwe. Titayamba kulemba mphindi ndi pamene tinaona kuti nthawi yambiri inkathera pa kupanga deta, osati pa kuyang'ana zotsatira. Tiyerekeze kuti kwanuko mayeso 150 amafuna kasitomala amene ali ndi oda kale, ndipo kumupanga ndi manja kumatenga mphindi 5. Amenewo ndi maola 12 ndi theka, pafupifupi tsiku lathunthu la anthu awiri. Choncho chinthu choyamba kupatsa makina mwina si yeso ayi, koma kasikiripiti kamene kamaitana API n'kukupangirani kasitomala, katundu ndi oda ili pa siteji imene mukufuna: yosalipiridwa, yolipiridwa, kapena yotumizidwa. Kasikiripiti aka kamakuthandizani sabata yomweyo, mukadali kuyesa ndi manja. Ndipo mayeso onse a makina amene mudzalembe pambuyo adzatsamira pa iko, chifukwa yeso labwino limadzipangira lokha deta yake, silidalira akaunti imodzi imene aliyense amaigwiragwira.

Mukathana ndi deta, funso lotsatira ndi lakuti, ndi pati pamene pamawonongeka kawirikawiri? Osayankha ndi mtima. Tsegulani kumene mumalemba zolakwika za pulogalamu, mubwerere miyezi 6, ndipo musankhe zokhazo zimene zinkagwira bwino kale kenako n'kuwonongeka. Pambali pa chilichonse lembani yeso limene linachigwira, kapena limene likanachigwira. Mudzaona kuti zimaunjikana m'malo ochepa. Umboni wachiwiri uli mu khodi. Pemphani wolemba pulogalamu ayendetse izi:

```
git log --since="6 months ago" --name-only --pretty=format: | sort | uniq -c | sort -rn | head -21
```

Zikuonetsani mafailo 20 amene asinthidwa kwambiri (mzere umene ulibe dzina la failo muusiye, ukungowerenga mizere yopanda kanthu). Mbali imene imasinthidwa sabata iliyonse komanso ili ndi mbiri ya zolakwika ndiyo ikufunika mlonda. Tsamba la "za kampani yathu" limene palibe walikhudza chaka chonse lingadikire, ngakhale litakhala losavuta kulemba.

Pa zimene zatsalazo, dzifunseni kuti chikawonongeka, mungatulutse pulogalamu kapena ayi. Kasitomala akalephera kulowa, kuika katundu mu dengu, kulipira, kapena akadulidwa ndalama zolakwika, palibe kutulutsa. Lipoti likasanja madeti mozondoka ndi chinthu choipa, koma mawa chikonzedwa palibe wataya kanthu. Pa mayeso 240 ndikuyembekeza kuti oimitsa kutulutsa sangapitirire 15 kapena 20. Amenewo ndiwo gulu lanu loyamba.

Tsopano apa ndi pamene ambiri amasochera, choncho ndichedwapo pang'ono. Sikuti yeso lililonse limene mumalichita pa sikirini liyeneranso kuchitidwa pa sikirini ndi makina. Mumagwiritsa ntchito bulawuza chifukwa munthu alibe khomo lina lolowera, koma makina ali nalo. Titenge nkhani ya kuchotsera mitengo. Mwina muli ndi mayeso 30 amene onse amayenda njira imodzi: lowani, sankhani katundu, ikani khodi yochotsera, onani ndalama zonse. Chosiyana ndi manambala okha. Pa mphindi 8 lililonse, ndi maola 4 a munthu. Chimene mukuyesa kwenikweni ndi masamu amene amachitika ku seva, ndipo angayesedwe chonchi ndi pytest:

```python
import pytest

@pytest.mark.parametrize("mtengo, peresenti, zotsala", [
    (1000, 0, 1000),
    (1000, 10, 900),
    (1000, 100, 0),
])
def test_kuchotsera(api, mtengo, peresenti, zotsala):
    oda = api.panga_oda(mtengo, peresenti)
    assert oda["total"] == zotsala
```

Apa `api` ndi kasikiripiti kaja kopanga deta. Mukangowonjezera mizere mpaka ifike 30, maola 4 aja asanduka masekondi, ndipo batani likasuntha pa tsamba mayesowa sakhudzidwa. Pa sikirini musiyepo yeso limodzi lokha, longotsimikiza kuti kasitomala akalemba khodi yochotsera, nambala yatsopano ikuonekadi. Fufuzani mu ndandanda yanu mabanja ena otere: misonkho, ndalama zotumizira katundu, amene ali ndi chilolezo chochita chakutichakuti, zimene fomu iyenera kukana. Kulikonse kumene njira ndi imodzi koma manambala ndi ambiri, phindu lake ndi lalikulu ndipo ntchito yake ndi yochepa.

Oyenda pa bulawuza akhale ochepa, mwina 5 mpaka 8 poyamba, aliyense ulendo umodzi wathunthu wa kasitomala. Chifukwa chake ndi masamu. Yeso la pa sikirini nthawi zina limagwa pulogalamu ili bwinobwino, mwina tsamba linachedwa kutseguka kapena yeso lina linasintha deta. Tinene kuti lililonse limagwa mwabodza kamodzi pa maulendo 100. Mukakhala ndi 20, mwayi woti onse adutse ndi pafupifupi 82 pa 100. Mukakhala ndi 100, umatsika kufika pafupifupi 37 pa 100, kutanthauza kuti maulendo ambiri mudzaona zofiira palibe chowonongeka. Zikafika pamenepo anthu amasiya kuwerenga zotsatira, amangodina kuti ziyambirenso, ndipo tsiku limene zofiirazo zili zoona palibe amene amazikhulupirira.

Ngati simunasankhe chida, Playwright ndi imene ndingakuuzeni kuti muyambe nayo, chifukwa imadikira yokha kuti batani lioneke ndi kukhala lotheka kudina, ndiye simufunika kuika `sleep` paliponse. Ngati gulu lanu likudziwa kale Selenium kapena Cypress, khalani pomwepo, kusintha chida sikumene kungakufupikitsireni masiku. Chachikulu ndi mmene mumalozera zinthu pa tsamba. Gwiritsani ntchito `getByRole`, kapena pemphani olemba pulogalamu aike `data-testid` pa mabatani ofunika, m'malo mwa XPath yaitali imene imaduka wina akangowonjezera bokosi limodzi. Kulowa mu akaunti kuyesedwe ndi yeso limodzi, ena onse alowe ndi `storageState` yosungidwa kale.

Yeso latsopano musalikhulupirire chifukwa ladutsa kamodzi. Liyendetseni mobwereza:

```
npx playwright test --repeat-each=20
```

Likagwa ngakhale kamodzi pa 20, fufuzani chifukwa chake lisanalowe m'gulu. Kenako chitani zosiyana: wonongani dala chinthu chimene likuyang'anira, mwachitsanzo sinthani masamu a kuchotsera pa kompyuta yanu, muone ngati ligwadi. Ndinapezapo yeso limene linadutsa miyezi ingapo chifukwa linkangoona kuti tsamba latseguka, silinkawerenga nambala n'komwe. Panthawi yonseyo ife tinali titasiya kuyesa mbali imeneyo ndi manja, poganiza kuti ili ndi mlonda.

Zina zisiyeni dala m'manja mwanu. Sikirini imene ikukonzedwanso mwezi wamawa musaikhudze, mungalembe kawiri. Kaonekedwe ka tsamba, ngati mawu akumveka, ngati invoisi yasindikizika bwino pa pepala, maso a munthu amaona msanga kuposa sikiripiti. CAPTCHA ndi manambala achinsinsi obwera pa foni musalimbane nazo, pemphani kuti pa seva yoyesera pakhale njira yozilambalala. Pa kulipira gwiritsani ntchito malo oyesera amene kampani yolipirira imapereka, ndipo dziwani kuti malowo akagwa mayeso anu agwa nawo limodzi, choncho odutsa kumeneko akhale amodzi kapena awiri basi.

Pamene mukulemba mphindi zija, ikaninso chizindikiro pa mayeso amene akubwereza anzawo kapena amene akuyesa chinthu chimene chinachotsedwa kale. Ndandanda imene yakula zaka zingapo sichedwa kukhala ndi otere. Amenewo angofufutidwa, mutagwirizana ndi mwini wake wa pulogalamu.

Kwa abwana musalonjeze kuti mayeso angati adzakhala a makina, chifukwa nambala imeneyo imakukankhirani ku osavuta amene alibe phindu. Alonjezeni maola. Mu chitsanzo chathu, deta yabweza maola 12 ndi theka, kuchotsera mitengo maola 4, ndiye pa 42 patsala 25 ndi theka, osakwana masiku awiri a anthu awiri. Koma maolawo abwera pokhapokha yeso limene lapita kwa makina litachotsedwadi pa ndandanda ya manja. Ine ndimalola kuti liyende mbali zonse ziwiri pa maulendo awiri otulutsa pulogalamu, zotsatira zikafanana ndimalichotsa. Ndipo kuyambira sabata yoyamba, ngakhale atakhala mayeso 5 okha, aikeni mu CI kuti aziyenda khodi ikangosinthidwa. Akamayenda pa laputopu yanu yokha, cholakwika chidzapezekabe tsiku lomwe lija la mayeso, pamene wolemba khodiyo waiwala kale zimene anasintha masiku 10 apitawo.