Macbeth wa ulele pafoni, komanso wa kaunjika

"Mwana wanga ali folomu 4, aphunzitsi akufuna Macbeth koma mu bukushopu mulibe, ndipo olo atapezeka mtengo wake sindingakwanitse. Ati pa intaneti alipo aulele, zoona? Ndine mayi wa ku Chinamwali."

Zoona mayi, ndipo si kuba ayi. Shakespeare anamwalira mu 1616, ndiye lamulo lathu la kopelaiti la 2016 limateteza buku mpaka zaka 50 mwini wake atamwalira, zikatha pamenepo ndi la tonse. Mukafuna buku lililonse laulele yambani mwafunsa kuti wolembayo anamwalira liti. Achebe anamwalira mu 2013, ndiye Things Fall Apart mukaiona pa sayiti ina yake ati yaulele dziwani kuti ndi yakuba, ndipo masayiti amenewo ndi aja mumadina kamodzi kenako foni yadzaza zotsatsa malonda, bando yatha, buku osalionanso.

Pitani pa gutenberg.org, ndi Project Gutenberg imeneyo, inayamba mu 1971 ndipo ili ndi mabuku oposa 70,000, safunsa akaunti kapena ndalama. Lembani Macbeth posakira paja, mukatsegula musankhe fayilo ya EPUB yomwe alembapo "no images". Siikwana ndi 1 MB yomwe, kabando ka tsiku kakwanira mpaka kutsalako. Kenako ikani apu ya ReadEra kuti muzitsegulira, imawerenga popanda data. Ku archive.org kulinso mabuku koma ambiri ndi ojambula tsamba ndi tsamba, mafayilo ake ndi olemera, kumeneko muzipita mukapeza wayifayi.

Koma nali vuto. Zaulelezo ndi mawu a Shakespeare okhaokha, chingerezi chake chija chomwe ngakhale ife tinkangogwedeza mutu mkalasi ngati tikumva. Manotsi a mmunsi omasulira mawu ovuta analemba anthu a posachedwapa ndiye akadali ndi eni ake, mu fayilomo mulibe, manambala a mizere mulibenso. Aphunzitsi akati tsegulani peji 40 mwana asochera, muuzeni azifunsa kuti ndi Act chani, Scene chani, zimenezo ndiye sizisintha kwenikweni.

Ndiye la pepala lakale mulifunebe, chifukwa cha manotsiwo. Funsani ma folomu 4 omwe angolemba kumene mayeso, ambiri amangolitaya pansi pa bedi, komanso ana a ku Chanco semesita ikamatha amagulitsa motchipa posaka thiransipoti. Oyala mabuku pansi mtauni muno nawonso musawadutse, ingonenererani ngati mukugula kaunjika.

Musanapereke ndalama tsegulani kumapeto. Macbeth ali ndi ma Act 5 ndipo womaliza kulankhula ndi Malcolm. Ine ndinagulapo lina chikuto chili bwinobwino, kufika kunyumba ndapeza likuthera pakati pa Act 4, kwinako wina anakulungira mtedza kaya. Linunkhizeninso, chinyezi cha Zomba chimamata mapeji, mukamatula zilembo zimatsalira tsamba linalo. Ndipo likakhala ndi chidindo cha sukulu lisiyeni, mwana angakalandidwe mkalasi nkumutchula wakuba.