Anthu akuika apu yanga pa foni, koma sakugula kanthu

Funso: "Ndili ndi apu yogulitsa matikiti a basi. Nditayitsatsa pa Google Ads, anthu 2,000 anaiika pa foni zawo, koma amene agula tikiti ndi 40 okha. Kodi ndalakwitsa pati?"

Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu. Google yachita zimene munaipempha. Kampeni ikauzidwa kuti ipeze anthu oika apu pa mtengo wotsika, imasakasaka amene amafulumira kudina, ndipo ambiri a iwo amatsegula apuyo kamodzi n'kuichotsa foni ikadzaza.

Tiyerekeze kuti munawononga K600,000. Ndiye kuti munthu aliyense woika apu anakudyerani K300, mtengo wooneka wabwino ndithu, koma wogula tikiti mmodzi anakudyerani K15,000. Tsono kampeni ina ya ndalama zomwezo itabweretsa anthu 750 okha, mwa iwo 75 n'kugula, woika apu angakhale pa K800 pamene wogula angakhale pa K8,000. Yachiwiriyi ndiyo yotsika mtengo, ngakhale kuti pa lipoti la oika apu ingaoneke ngati yolephera.

Kuti Google idziwe amene wagula, apuyo iyenera kulumikizidwa ndi chida cholemba zimene anthu akuchita mu apu, monga Firebase ya Google yomweyo, ndipo Firebase ilumikizidwe ndi akaunti yanu ya Google Ads. Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Firebase imalemba yokha `first_open` munthu akatsegula apu koyamba, imalembanso yokha `in_app_purchase`, koma yachiwiriyi imangowerenga malipiro odzera pa Google Play kapena App Store. Ngati makasitomala anu amalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, wokonza apu ayenera kutumiza yekha ku Firebase uthenga wa `purchase` wosonyeza kuti munthu wagula, ndipo atumize malipiro akatsimikizika, osati munthu akangodina batani lolipirira. Ndinaonapo apu ina imene inkawerenga kudina kulikonse ngati kugula, moti ngakhale amene anakana kulemba nambala yachinsinsi ankawerengedwa. Tinazindikira titafananiza lipotilo ndi ndalama zimene zinalowadi. Inunso fananizani ziwirizi kwa sabata yathunthu musanakhulupirire lipoti.

Komabe musathamangire kuuza kampeni kuti izitsata `purchase`. Google imalangiza kusankha chochita chimene anthu osachepera 10 amachichita tsiku lililonse, ndiponso kuti bajeti ya tsiku ikhale yosachepera kuwirikiza ka 10 mtengo umene mwaika pa Target CPA, kutanthauza ndalama zimene mukufuna kulipira pa chochita chimodzi. Pa K8,000, ndiye K80,000 tsiku lililonse. Ogula 40 pa kampeni yonse ndi ochepa kwambiri kuti makina a Google aphunzirepo kanthu.

Ine ndikanakhala inu, ndikanayamba ndi chochita chapafupi ndi kugula, monga kusankha mpando m'basi, chifukwa amachichita ndi ambiri ndipo munthu safika pamenepo mwangozi. Kulembetsa dzina kokha sindikukhulupirira kwenikweni, makamaka ngati apu imakakamiza aliyense kulembetsa. Kumbukiraninso kuti woika apu lero mwina adzakwera basi kumapeto kwa mwezi akalandira malipiro, choncho musaiweruze kampeni patangotha masiku atatu. Ogula akafika 10 pa tsiku, pamenepo musamukire pa `purchase`.