Kusintha nkhani za tchanelo yakale osataya okutsatirani

"Ndili ndi tchanelo ya YouTube ya zaka 4, yonena za moyo wa ophunzira pa Chanco, ndipo olembetsa ndi 8,200. Sukulu ndamaliza, pano ndikuchita bizinesi ya mpunga, ndikumapikula ku Domasi n'kumagulitsa mumsika wa Zomba. Ndikufuna mavidiyo anga akhale a zimenezi. Ndisinthe dzina n'kufufuta akale, kapena nditsegule tchanelo ina? Ndikuopa kuti anthu andithawa."

Achemwali, dzinalo lisiyeni kaye, ndipo musafufute vidiyo ngakhale imodzi. Choyamba dziwani kuti mwa anthu 8,200 aja ndi angati amene akukuonerani mpaka pano, chifukwa amenewo ndiye oti muwadandaule. Tchanelo ya za ophunzira imakalamba msanga kuposa zina. Amene analembetsa ali chaka choyamba pofuna kudziwa kapezedwe ka chipinda ku Chikanda, chipindacho adachipeza kalekale. Dzina lake likadali pa mndandanda koma mwiniwake kulibe.

Lowani mu YouTube Studio, pitani pa Analytics, kenako Audience. Pamenepo muona oonera atsopano ndi amene amabwerezabwereza kubwera. Tiyerekeze kuti pa masiku 28 apitawa obwereza alipo 900. Amenewo ndiye tchanelo yanu yeniyeni. Onaninso zaka zawo pa tsamba lomwelo. Ngati ambiri alowa m'gulu la 25 mpaka 34, mwachita mwayi: akula nanu limodzi, nawonso amaliza sukulu, akuponya makalata ofunsira ntchito, ena akuganiza zoyamba geni. Nkhani ya mpunga kwa iwo si yachilendo. Koma ngati pafupifupi onse akadali a 18 mpaka 24, ndiye kuti tchanelo imadzaza ndi ophunzira atsopano chaka ndi chaka, ndipo ntchito ikhala yokulirapo.

Chachiwiri choti muone ndi njira imene anthu amakupezerani. Tsegulani mavidiyo anu khumi amene anaonedwa kwambiri, pa iliyonse muone komwe oonera anachokera. Ikakhala kuti yambiri ndi YouTube search, anthuwo ankasaka yankho la funso lawo, inuyo sankakudziwani. Ikakhala Browse features, ndiye kuti vidiyo inawatulukira pa tsamba loyamba iwo n'kuidina, ndipo pa tchanelo yaing'ono ambiri otere ndi amene anakuonanipo kale. Makomenti nawonso amaulula. "Kodi fizi ndi zingati chaka chino?" ndi munthu wotsata mutu wa nkhani. "Asisi mwasowatu, mayeso aja anayenda bwanji?" ndi munthu wotsata inuyo. Ineyo ndimati ngati otsata inuyo alipo ndithu, khalani pa tchanelo yomweyo. Tchanelo yachiwiri imayenera pamene anthu akale ndi atsopano sangakhale pa mphasa imodzi, monga wophunzitsa masamu a MSCE akafuna kuyamba kuika nyimbo. Zanuzi sizinatalikirane choncho, ndipo kudyetsa matchanelo awiri ndi bandulo ya masiku ano, uku mukuthamangira ku chigayo, imodzi idzafa basi.

Tsono kawolokedwe kake ndi aka. Vidiyo yoyamba isakhale ya mitengo ya mpunga. Wophunzira wa ku Chirunga akaona mutu woti "Mtengo wa kilombero sabata ino" angodutsa, ndipo anthu anu akamadutsa mavidiyo anu motsatizana, YouTube imachepetsa kuwaonetsa pa tsamba lawo loyamba, poti imatsata zimene munthu aliyense amadina ndi kuonera. Yambani ndi vidiyo imene wakale angaizindikire kuti ndi yanu: "Ndamaliza pa Chanco, ntchito kulibe, ndayamba kugulitsa mpunga." Nkhope yanu ikhale pa chithunzi chapachikuto monga kale, kayankhulidwe komweko, tsiku loika vidiyo lomwelo. Yachiwiri ikhale ya mpamba: munaupeza bwanji, munayamba ndi matumba angati, thiransipoti ya ku Domasi inadya zingati, mutapunthitsa pa thumba panatsala makilogalamu angati. Yachitatu mutha kubwerera ku Chikanda komweko kukagulitsa mpunga kwa ophunzira odziphikira okha. Imeneyo ndi ya bizinesi, komabe malo ndi anthu ndi omwe aja.

Mwezi woyamba, pa mavidiyo anayi, atatu akhale okhudzabe za sukulu kapena moyo wa pambuyo pa sukulu, imodzi ya mpunga weniweni. Mwezi wachiwiri theka ndi theka. Wachitatu mutembenuze. Si lamulo la YouTube ili, ndi liwiro chabe limene limakupatsani mpata woona manambala musanapite patali.

Manambalawo muziwawerenga modekha. Tinene kuti mavidiyo anu akale amaonedwa ka 2,000 sabata yoyamba, ndiye ya mpunga yaonedwa ka 1,100, olembetsa 30 achoka, 12 abwera. Pamenepo palibe maliro. Anthu 30 pa 8,200 ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi aja anaiwala kuti analembetsa, vidiyo yatsopano yangowakumbutsa. Choti muyang'anitsitse ndi Average view duration. Ngati oonera achepa koma akukhala nthawi yofanana ndi kale kapena kuposerapo, nkhaniyo ili bwino, ikungofuna anthu ake. Ngati akudina n'kuthawa masekondi 30 oyambirira, mutu unawalonjeza china inu n'kuwapatsa china. Chizindikiro choipa chenicheni ndi ichi: patapita mavidiyo 6 kapena 8, obwereza aja atsika kuchoka pa 900 kufika pa 300, ndipo atsopano sakukwera. Zikatero mwathamanga, bwererani pa mavidiyo aja olumikiza za sukulu ndi za mpunga.

Pali kabokosi kena kamene ambiri sakadziwa. Poika vidiyo, dinani Show more, mupeza Publish to subscriptions feed and notify subscribers. Vidiyo ikakhala ya ochita bizinesi okhaokha, monga kasiyanitsidwe ka mpunga wouma bwino ndi wachinyezi pogula, chotsani chizindikiro pamenepo kuti musaitanire anthu zimene sakuzifuna. Koma mavidiyo olumikiza aja musawabise, ndi a anthu akalewo.

Mavidiyo akale asiyeni poyera. Amene akubweretsabe anthu kudzera mu kusaka ndi khomo laulere: ikanipo komenti yomata pamwamba ndi End screen yolozera ku vidiyo ija ya "Ndamaliza pa Chanco". Asonkhanitseni mu Playlist imodzi muiike pansi pa tsamba la tchanelo, za mpunga zikhale pamwamba. Vidiyo yofufutidwa sibwereranso, imapita ndi makomenti ake omwe. Imene ikukuchititsani manyazi ingoikani pa Private.

Dzina lisinthidwe pomaliza, mwina mwezi wachitatu, mutalengeza pakamwa m'mavidiyo awiri kapena atatu. Musasinthe dzina, chithunzi ndi nkhani tsiku limodzi, munthu angaganize kuti tchanelo yagulitsidwa kapena yabedwa. Ngati dzina lakale lili ndi dzina lanu mkati, lisungeni, muchotse mawu a Chanco okhawo, chithunzi cha nkhope chikhale chomwecho kwa mwezi winanso. YouTube imalola kusintha dzina kawiri pa masiku 14, chimodzimodzinso dzina linalo loyambira ndi chizindikiro cha @. Mukasintha la @, lakale limasungidwa masiku 14 okha, kenako wina atha kulitenga, ndiye malinki amene munamwaza m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook muwakonze masiku amenewo asanathe. Linki yaitali ija yokhala ndi /channel/ sisintha, ndipo ya vidiyo iliyonse payokha imakhala momwemo.