Bezeli ndi valavu ya hiliyamu: kodi wosambira ku Senga Bay akuzifunadi?

"Ndikufuna kugula wotchi yolowa nayo m'madzi. Wogulitsa akuti nditenge yokhala ndi bezeli yozungulira komanso valavu ya hiliyamu, ngakhale ndi yodula. Ine ndimakhala ku Salima ndipo ndimangosambira ku Senga Bay masiku opuma. Kodi zimenezi ndi zofunika?"

Achimwene, bezeliyo ikhoza kukuthandizani, koma valavuyo simudzaigwiritsa ntchito ngakhale tsiku limodzi, ndipo ndalama zake ndi bwino muziike pa zinthu zimene zimatsekadi madzi.

Bezeli ndi mkombero wa manambala wozungulira galasi, ndipo ntchito yake ndi kuwerenga mphindi zimene zapita. Tinene kuti mukulowa m'madzi nthawi ili 10:20, muvi wautali uli pa 4. Mumazungulitsa mkomberowo mpaka kachizindikiro kake kowala mumdima kafike pa muviwo. Nthawi ikakwana 10:45, muvi uja udzakhala ukuloza 25 pa mkombero, ndiye mwadziwa kuti mwakhala mphindi 25 popanda kuchita masamu. Mudzaona kuti pa wotchi yeniyeni ya osambira pansi pa madzi mkomberowu umazungulira mbali imodzi yokha, motsutsana ndi kayendedwe ka mivi. Anapanga dala zimenezi. Ngati wagunda mwala n'kusuntha kuchoka pa 4 kufika pa 3, udzaonetsa mphindi 30 m'malo mwa 25, choncho munthu amene wanyamula mpweya m'botolo kumsana adzatuluka msanga, osati mochedwa. Kumtunda kuno mukhoza kuyezera nawo nthawi ya mphika pa mbaula, koma foni imachitanso zomwezo, motero bezeli ndi yosangalatsa kukhala nayo, si yokakamiza.

Valavu ya hiliyamu ndi nkhani ina, ndipo ogulitsa ambiri amalakwitsa ponena kuti imathandiza wotchi kupita mwakuya. Inapangidwira amisiri amene amakonza mapaipi ndi zitsime za mafuta pansi pa nyanja zamchere. Anthu amenewa amakhala masabata angapo m'chipinda chachitsulo chotsekedwa, momwe mpweya wake ndi wopanikizidwa mofanana ndi pansi pa nyanja, ndipo amapuma okosijeni wosakaniza ndi hiliyamu, chifukwa mpweya wamba umaledzeretsa munthu akafika pakuya kotero. Tizidutswa ta hiliyamu ndi tating'ono kwambiri, moti pamasiku amenewo timalowa pang'onopang'ono m'wotchi kudutsa m'mphira zotsekera. Ntchito ikatha, akayamba kuchepetsa kupanikizika m'chipindamo, hiliyamu wa m'kati mwa wotchi amalephera kutuluka mofulumira, ndipo amatha kukankha galasi mpaka kulizula. Valavuyo ndi khomo lotulutsira mpweya umenewo, ndipo inayamba kuoneka cha m'ma 1960 pa mawotchi monga Rolex Sea-Dweller. Onani kuti zonsezi zimachitika pouma, m'chipinda muja. Nyanja yathu ndi yakuya pafupifupi mamita 700 kumpoto, koma ngakhale osambira ndi mabotolo pongosangalala sapitirira mamita 40, ndipo hiliyamu wolowa m'wotchi sakumana naye. Valavu yomasula ndi dzanja imakhalanso bowo lina lowonjezera limene munthu angaiwale kulimanga.

Chimene muyenera kuyang'anitsitsa ndi mawu olembedwa pa nkhope kapena kumbuyo kwa wotchi. Yolembedwa 30M musaikhulupirire kuti mungalowe nayo mamita 30, chifukwa nambalayo imachokera pa kuyesa kwa kufakitale pa wotchi yatsopano. Yoteroyo ndi ya mvula ndi kusamba m'manja basi. Posambira yambirani pa 100M. Ikalembedwa DIVER'S 200M, ndiye kuti wopanga akunena kuti ikutsatira muyezo wa ISO 6425, umene umafuna kuti wotchi iyesedwe pa mphamvu yoposa yolembedwayo ndi 25 peresenti. Koma mawu amalembeka pa chilichonse, ndipo wotchi yotchipa modabwitsa yokhala ndi dzina lalikulu ikhoza kukhala ndi mkombero wongomatidwa umene suzungulira n'komwe.

Kenako gwirani kachitsulo kochunira nthawi. Kabwino ndi komanga ngati wononga, ndipo kayenera kumangidwa musanalowe m'madzi, chifukwa madzi ambiri amalowera pamenepo. Mphira za m'kati zimauma ndi kukalamba, makamaka ndi kutentha kwa kunyanja kuno, sopo ndi madzi otentha osamba, ndipo nthawi iliyonse imene wokonza mawotchi watsegula kumbuyo posintha batire, mphirayo iyenera kuonedwa, kupakidwa girisi woyenera kapena kusinthidwa. Mukachoka kumchenga, tsukani wotchi ndi madzi oyera kwinaku mukuzungulitsa mkombero, chifukwa mchenga ukalowa pansi pake umauma gwa. Mukaona nthunzi yosachoka pansi pa galasi mutatuluka m'nyanja, madzi alowa kale, ndipo pitani nayo kwa wokonza tsiku lomwelo dzimbiri lisanagwire makina ake.