Kapishoni ya chithunzi cha m'basi pa Mande: kuseka kothinana, osati munthu

"Anzanga ndithandizeni. Lero m'mawa ndajambula chithunzi m'basi yochoka ku Chelstone, tinathinana ngati kapenta. Pakuoneka amayi ena onenepa atanyamula beseni, abambo ena ali mtulo kukamwa kuli yasa, ndi kondakitala atapindika pakhomo. Ndikufuna kapishoni yonyodola yoti anthu aseke koma sindifuna kuoneka wamwano. Ndilembe chani?"

Asisi, chithunzi chanucho chili ndi nthabwala kale, inu nchito yanu ndi yochepa chabe. Kapishoni yonyodola imagwira nchito ikakamba zosiyana ndi zimene maso akuona, ndiye ngati chithunzi chikuonetsa kuthinana inu kambani za malo ambiri, ngati chikuonetsa jamu kambani za liwiro. Musafotokozenso kuti tathinana, anthu akuona okha. Ndipo ikhale yaifupi, mzere umodzi kapena iwiri, chifukwa ikatalika imasanduka dandaulo ndipo palibe amene amaseka dandaulo.

Tengani mawu amene aliyense wokwera basi mu Lusaka amawamva tsiku ndi tsiku. Mwachitsanzo: "Kondakitala akuti malo akadalipo, senderani pang'ono." Kapena iyi ya pa siteshoni: "Yatsala munthu m'modzi chabe kuti inyamuke. Kuyambira 6 koloko." Iyi imagwira chifukwa aliyense amene anakhalapo m'basi pa Kulima Tower kapena pa City Market akudziwa bodza la munthu m'modzi lija, angwangazi akukuwa panja, injini ikulira koma basi osasuntha. Ya jamu ya msewu wa Great East mungati: "Tikuthamanga kwambiri pa Manda Hill, wogulitsa nthochi watipitirira kawiri." Ndipo ine imene ndingasankhe pa chithunzi chanu ndi iyi: "Masaji yaulere kuchoka ku Chelstone mpaka mutauni, zikomo Mande."

Manje onani bwino amene akusekedwa m'mawu onsewa. Ndi Mande, ndi jamu, ndi mpando wa anthu atatu umene timakhalapo anayi. Ndipo wolembayo ali momwemo m'basi, akuti "tikuthamanga", "watipitirira". Amayi a beseni aja atawerenga akhoza kuseka nawo chifukwa nawonso masaji ija aimva. Pamenepa ndi pamene pali malire amene mukufunsa. Mukangochoka pa "ife" n'kupita pa "awa", kuloza chala munthu m'modzi amene nkhope yake ikuoneka, nzeru zatha, mwano wayamba.

Ndikambe mosabisa zimene zibwere m'mutu mwanu kapena m'makomenti, chifukwa ndikudziwa zibwera. Wina alemba kuti amayi awa alipire mipando iwiri. Wina ati sabata yayamba koma sopo sanayambe. Wina aona abambo ogona aja ati mowa wa dzulo sunathe. Zonsezi zimasekesa kwa mphindi imodzi, zoona, koma taganizani, thupi la munthu, fungo, zovala, umphawi wake, izi ndi zinthu zimene sangasinthe ali pampando paja, ndipo sanakupempheni kuti mumujambule, ndipo alibe mpata woyankha. Mukamaserewula ndi mnzanu maso ndi maso iye amabweza, mumaseka nonse n'kusiyana bwino. Munthu wa pa chithunzi sabweza kanthu, amangomva kwa mwana wake kapena kwa anzake a kunchito kuti mwafalikira pa Facebook.

Ya abambo ogonayo imandikhudza kwambiri chifukwa zinachitikira mlamu wanga. Anagona usiku wonse pa benchi kuchipatala akudwazika mwana, m'mawa pa Mande anakwera basi kuti akafike kunchito asadulidwe malipiro, tulo tinawagwira m'njira. Wina anawajambula n'kulemba kuti wikendi yawapweteka amalume. Pofika masana chithunzi chinali chitazungulira magulupu a WhatsApp mpaka ya kutchalitchi kwawo, munthu woti mowa salawa n'komwe. Anatha milungu ingapo akufotokozera anthu m'modzi m'modzi, ndipo ena mpaka lero amawayang'ana ndi diso lija. Wojambulayo mwina anaiwala tsiku lomwelo. Ndiye mukaona munthu wagona m'basi 7 koloko m'mawa simukudziwa kumene akuchoka, ena ndi alonda aweluka usiku, ena ndi anamwino, ena adzuka 4 koloko kukaoda ku Soweto.

Palinso mwano wina umene anthu sauzindikira, wa kunyoza malo. Kapishoni ngati "anthu a ku komboni sadzasintha", kapena kutchula Kanyama, Chawama, Matero ngati kuti dzina lokhalo ndi nthabwala. Kutchula njira ya basi palibe vuto, ndatchula Chelstone pamwambapa, koma mukalemba mokhala ngati inu muli pamwamba ndipo m'basimo mwangolowamo mwangozi, anthu amamva msanga. Chimodzimodzi za mitundu. Chimbuya chathu ndi Abemba, zija za mbewa ndi kolwe, chimakoma pa maliro kapena pa ukwati pamene mukudziwana ndipo winayo abweza. Pa chithunzi cha munthu wosamudziwa, amene simukudziwanso kuti ndi wa mtundu wanji, sichikhalanso chimbuya, chimangokhala kutukwana.

Kondakitala ndiye pavuta pang'ono, ndipo ena pano mwina sagwirizana nane. Mawu ake mukhoza kuwaseka, "malo alipo", "chenji mulandira kutsogolo", chifukwa ndi mawu a nchito, onse amakamba chimodzimodzi ndipo iwo eni amaseka nazo. Koma nkhope yake ikuoneka inu n'kulemba kuti wakuba, kapena sasamba, kapena sukulu inamukana, pamenepo mwanena munthu weniweni amene ali ndi abwana ake ndi banja lake. Mnyamatayo wapindika pakhomo kuyambira mbandakucha kuti akwanitse ndalama ya mwini basi.

Musanaposite chitani izi, sizitenga mphindi ziwiri. Dulani chithunzicho kuti patsale mapewa, zikwama, beseni, mitu yoonekera kumbuyo, kuthinana kumaonekabe bwino popanda nkhope. Ngati kudula kukuononga chithunzi ikani sitika pa nkhope ya amayiwo ndi abambowo, yaikulu ndithu, osati kamtima kakang'ono kosiya theka la nkhope. Yang'ananinso ngati pali mwana wa yunifomu ya sukulu, baji ya kunchito yolendewera pakhosi, kapena nambala ya basi, zonsezo zimaloza munthu ngakhale nkhope mwabisa. Lusaka ndi yaing'ono asisi, basi ya m'mawa imakwera anthu omwewomwewo tsiku lililonse. Kenaka werengani kapishoni yanu mumtima ngati kuti mukuikamba mokweza m'basi momwemo, amayi aja ali pambali panu. Ngati mungathe kuikamba iwo n'kuseka, positani. Ngati mungafune kutsitsa mawu kuti asamve, isintheni.

Mukaposita musachoke, khalani pa makomenti ola loyamba. Chizindikiro choti zapotoka ndi pamene anthu asiya kukamba za jamu yawo ndi basi zawo n'kuyamba kufunsa kuti kodi awa si amayi aja ogulitsa pa msika wakuti, kapena kutagana maina kuti bwera uone aneba ako. Komenti yotere fufutani pomwepo osadikira, ndipo wina akabwera ku inibokosi kuti ameneyo ndi m'bale wanga chotsani, musayambe kukangana kuti inali nthabwala chabe, chotsani chithunzi chonse ndipo mupepese.