Tikiti ya tsiku lonse kapena kulipira ulendo uliwonse?

"Amayi, ndikupita kukaoda katundu kunja koyamba, ndikakhala masiku atatu okha. Ndigule tikiti ya alendo ya tsiku lonse ija yokwerera sitima za mumzinda, kapena ndizilipira nthawi iliyonse ndikakwera?"

Achemwali, musanagule chilichonse tengani cholembera. Mtengo wa tikiti ya tsiku lonse muugawe ndi mtengo wa ulendo umodzi. Tinene kuti ulendo umodzi ndi 5 mu ndalama za kumeneko, ndipo ya tsiku lonse ndi 20. Mukakwera kanayi mwangobweza ndalama yanu, phindu limayamba pa ulendo wachisanu. Ndiye nkhani yonse yagona pa kuchuluka kwa maulendo amene mudzakwere tsiku limenelo, ndipo apa m'pamene ambirife timadzinamiza.

Tikiti imeneyi anaipangira munthu wodzaona malo, wa kachikwama kamodzi kumsana, amene amatsika apa, kujambula chithunzi, n'kukweranso. Ife a geni sitiyenda choncho. Ine ulendo wanga woyamba ndinagula ya masiku onse atatu ndili pa siteshoni, mtima uli m'malo kuti za mayendedwe ndathana nazo. Tsiku loyamba inagwiradi ntchito. Linali tsiku lofufuza mitengo, ndinali chimanjamanja, ndinazungulira misika inayi n'kubwerera kogona, maulendo asanu ndi limodzi mukaphatikiza pamene ndinasochera. Tsiku lachiwiri ndinakwera kamodzi kokha m'mawa. Ndinatha tsiku lonse mumsika umodzi ndikunenerera mitengo, ndipo pofika madzulo ndinali ndi zikwama zikuluzikulu zitatu. Ndinaima nazo pa kageti kolowera kusitima, kamene kamangokwana munthu mmodzi, khamu la oweruka kuntchito likundikankha kumbuyo. Ndinabwerera n'kukwera takisi, tikiti ili phee m'thumba. Tsiku lachitatu linathera kwa otumiza katundu, kuyeza ndi kulemba mapepala, maulendo awiri basi.

Tawerengani ndi manambala aja. Ndinakwera maulendo 9, amene ndikanalipira 45. Matikiti atatu a tsiku lonse ndi 60. Ndikanagula ya tsiku loyamba lokha pa 20, maulendo atatu otsalawo n'kulipira 15, zonse zikanakwana 35. Choncho ine masiku ano ndimagula tikiti ya tsiku lonse pa tsiku lofufuza mitengo lokha. Tsiku lonyamula katundu ndimalipira pokwera.

Chinanso, mufunse kuti mawu akuti "tsiku" akutanthauza chiyani kumeneko, chifukwa mizinda imasiyana. Ku Hong Kong tikiti ya alendo ya sitima za MTR imagwira maola 24 kuchokera pamene mwayamba kuigwiritsa ntchito. Mukailowetsa 2 koloko masana, mudzakwera nayo mpaka mawa lake 2 koloko, ndiye tikiti imodzi yakuthandizani masiku awiri ngati mwakonza bwino. Ku London tikiti ya tsiku imatsata tsiku limene lalembedwapo ndipo imatha m'bandakucha wa tsiku lotsatira, kaya munaigula m'mawa kaya madzulo. Ya mtundu umenewu kuigula mutafika madzulo n'kutaya ndalama.

Muonenso kumene imafika. Ya ku Hong Kong ija sikwera sitima ya Airport Express yopita ku bwalo la ndege, pamene ulendo umenewo ndi umene umadula kwambiri. M'mizinda yambiri anagawa mzinda m'zigawo, ndipo tikiti yotchipa ya alendo imathera pakati pa tawuni. Tsono misika ya pikulitsa ndi mosungira katundu kawirikawiri zimakhala kunja kwa tawuni. Mukadutsa malire a chigawo chanu, geti silitseguka potuluka, kapena woyendera matikiti akulipiritsani chindapusa chimene chingadye phindu lonse la tikitiyo. Musanalipire, pezani siteshoni ya msika wanu pa mapu, muone ngati ili m'chigawo chimene tikitiyo ikufika.

Mizinda ina inathetsa mutu wonsewu. Ku London, mukamalipira ndi Oyster, khadi yawo yothiramo ndalama zoyendera, kapena khadi ya kubanki yongogunditsa, ndalama za tsiku zikafika pa mlingo wina makina amasiya kukudulani. Mukakwera pang'ono mwalipira pang'ono, mukakwera kwambiri simupyola mlingowo. Kungoti muzigunditsa khadi imodzimodziyo tsiku lonse, chifukwa mukasintha n'kugunditsa foni, makina amawerenga ngati anthu awiri. Ngati khadi yanu ndi ya kubanki yakwanu, mufunse kaye kuti amadula zingati mukalipira mu ndalama zakunja.

Ngati kumene mukupitako kumafuna kugula khadi yawoyawo yothiramo ndalama, muthiremo pang'onopang'ono. Ine ndili ndi makhadi awiri m'dilowa, onse ali ndi ndalama zimene sindinabweze chifukwa mzere wa pa kauntala unali wautali ndipo ndege inali pafupi kunyamuka.