Mndandanda wa Blocked uli wopanda kanthu: kodi zikutanthauza chiyani?

"Ndine mayi wa ku Chilomoni. Ndinayika Family Link, pulogalamu ya Google yothandiza makolo kuyang'anira foni za ana, pa foni ya mwana wanga wa Folomu 2. Loweruka inawonetsa kuti wagwiritsa ntchito foniyo maola 5 ndi mphindi 40, koma pa Blocked palibe tsamba ngakhale limodzi. Kodi ndiye kuti sakutsegula zolaula? Ndatumiza chithunzi chake."

Zikomo mayi, chithunzicho ndachiwona bwino. Malo opanda kanthuwo asakukhazikeni mtima pansi, komanso asakuwopseni, chifukwa sakunena chilichonse za mwanayo. Mndandanda umenewo ndi wa masamba omwe inuyo mwaletsa ndi dzanja lanu. Ngati simunalembepo tsamba, ukhalabe choncho mpaka kalekale, kaya mwana akuwerenga Baibulo kaya akuwonera zina.

Nkhani ili m'munsi mwa nambala yayikuluyo, pomwe nthawi yagawidwa. WhatsApp ola limodzi ndi mphindi 50, YouTube ola limodzi ndi mphindi 10, Chrome mphindi 10 zokha, kenako Opera Mini maola awiri ndi theka. Apa ndi pomwe maso anga anayima. Sefa ya masamba ya Family Link, ija imalembedwa kuti Try to block explicit sites, imagwira ntchito mu Chrome. Masamba omwe mwana watsegula mu Opera Mini sadutsa pa sefa imeneyo. Zili ngati mwayika mlonda pageti, chonsecho anthu akudutsira kuseri komwe mpanda unagwa.

Sindikunena kuti mwanayo walakwa. Ana ambiri amakonda Opera Mini chifukwa sidya bando kwambiri, ndipo mwina amangofufuza za mpira kapena mapepala akale a JCE. Kungoti pa maola awiri ndi theka amenewo, zomwe munatchera sizinamuteteze konse.

Chochita chake n'chosavuta. Pa foni yanu, dinani dzina la Opera Mini pa mndandanda womwewo, musankhe Block. Yang'ananinso ngati pali ina yotsegulira masamba, monga Phoenix. Kenako ku Google Play sankhani kuti chilichonse chomwe akufuna kuyika chizidikira chilolezo chanu. Mumuwuze mwanayo musanachite izi, komanso chifukwa chake. Akangodzidzimuka kuti zatsekedwa, adzayamba kubwereka foni ya mnzake kusukulu, komwe inu simuwona kanthu. Pakatha masiku atatu, mphindi za Chrome ziyenera kukwera. Zikapanda kukwera koma bando n'kumathabe msanga, fufuzani komwe nthawiyo yasamukira.

Za WhatsApp, muwona kutalika kwa nthawi basi, osati zomwe akulemberana kapena zithunzi zomwe akulandira m'magulu. Dziwaninso kuti manambalawa amafika kwa inu foni ya mwana ikakhala pa intaneti. Bando yake ikatha Lachitatu, mukhoza kuwona ngati Lachinayi sanayigwire n'komwe, kenako akagula ina maola aja n'kutulukira nthawi imodzi. Musanamufunse za tsiku lililonse, yambani mwatsimikiza kuti foni yake yalumikizidwa.